Bizinesi ikagulitsidwa, zaka za wantchito zimapita kuti?

M'mphepete mwa msewu wa M1, kuchokera pa Thabwa kudutsa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, mabizinesi amasintha eni kawirikawiri. Chigayo chimene chinali cha uje chaka chatha lero ndi cha wina. Resitihausi, butchala, malo omwetsera mafuta, golosale yaikulu, zonsezi zimagulitsidwa mwini wake akakalamba, akapanikizika ndi ngongole kapena akaganiza zosamukira kumtunda. Pa tsiku lopatsana makiyi, wogula ndi wogulitsa amawerenga bwinobwino mafiriji, mabedi, matumba ndi malata. Anthu amene akhala akugwira ntchito pamalopo sawerengedwa. Amangoitanidwa pansi pa mtengo n'kuuzidwa mawu amene ndawamva kambirimbiri: "Zakale zatha, tonse tikuyamba mwatsopano."

Ine ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono kuno kuchigwa, ndipo mawu amenewa amandipweteka chifukwa si zoona. Zaka za wantchito sizitha chifukwa choti chikwangwani chapentedwanso. Lamulo limapereka njira ziwiri zokha: zaka zija azinyamule mwini watsopano, apo ayi mwini wakale azilipire mokwanira asanachoke. Njira yachitatu, yoti zingosowa pakati pa anthu awiriwa, m'lamulo mulibe.

Lamulo ndikunenali ndi la zolembana ntchito la chaka cha 2000. Gawo 32 limayamba n'kuteteza wantchito: bwana sangamupereke kwa bwana wina iye asanavomere, chifukwa munthu si katundu. Kenako likunena za pamene bizinesi yonse kapena mbali yake yagulitsidwa kapena kuperekedwa kwa wina. Pamenepo kontirakiti ya aliyense amene ali pa ntchito pa tsiku logulitsalo imasamukira yokha kwa mwini watsopano. Sipafunika kalata yofunsira ntchito, sipafunika mayeso, ngakhale kusaina kumene sikufunika. Chilichonse chimene wantchito ndi bwana wakale anali nacho pakati pawo chimapitirira ngati kuti anapangana ndi watsopanoyo kuyambira pachiyambi. Gawo 42 likumangirira mfundo yomweyi pa nkhani ya zaka: nthawi imene munthu wagwira kwa mwini woyamba ndi imene wagwira kwa wachiwiri zimawerengedwa ngati nthawi imodzi yosadukiza, ndipo woyankha ndi amene ali ndi bizinesiyo tsopano.

Kuti zimveke bwino ndifotokoza za azakhali anga, amene anandilola kulemba nkhani yawo bola ndisatchule maina.

Azakhali anayamba kuphika pa resitihausi ina kuno mu Febuluwale 2012. Malowo anali ndi zipinda zogona ndi chipinda chodyera chimene madalaivala a mathiraki ankachikonda chifukwa cha nsima ya nyama ya mbuzi. Mwini wake atadwala, ana ake anagulitsa malowo, ndipo wogula anayamba kuyendetsa pa 1 Juni 2023. Sipanatsekedwe ngakhale tsiku limodzi. Madzulo a pa 31 Meyi azakhali anatsuka mapoto, m'mawa mwake anakoleza moto pa mbaula zomwezo n'kuphikira makasitomala omwewo. Patatha masiku ochepa, manijala watsopano anabwera ndi mapepala. Pa pepala la azakhali panalembedwa kuti tsiku loyamba ntchito ndi 1 Juni 2023, ndiponso kuti miyezi itatu yoyambirira akhala akuyesedwa. Mayi amene anaphika m'khitchini imeneyo zaka 11 ankati amuyese ngati amatha kuphika. Anasaina, poti aliyense ankasaina ndipo kunyumba kunali adzukulu ofuna fizi.

Chaka chotsatira makasitomala anachepa, mwini watsopano anaganiza zotseka chipinda chodyera n'kutsala ndi zogona zokha. Kumapeto kwa Sepitembala 2024 azakhali anauzidwa kuti ntchito yatha. Anawapatsa malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisi, zimene zinali zolondola kwa munthu wolandira pamwezi, ndi K60,000 imene anati ndi sevaransi, ndalama ija munthu amalandira akachotsedwa ntchito popanda kulakwa. Anabwera kwathu ndi envulopu m'manja, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la mwezi umenewo.

"Mwanangu, tandiwerengera iwe wodziwa masamu. Zaka zonse zija n'kukhala zimenezi?"

"Azakhali, khalani pansi kaye mumwe madzi. Amene anawerenga apa sanalakwitse masamu, analakwitsa poyambira."

Sevaransi imawerengedwa ndi masabata, malinga ndi ndandanda imene inaikidwa m'lamuloli litakonzedwanso mu 2010. Pa chaka chilichonse chathunthu mwa zaka zisanu zoyambirira, munthu amalandira malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, chaka chilichonse ndi masabata atatu. Kupitirira zaka khumi, chaka chilichonse ndi masabata anayi. Malipiro amene amagwiritsidwa ntchito ndi amene munthu akulandira pa nthawi imene akuchotsedwa, osati amene anayamba nawo kalekale. Azakhali ankalandira K130,000 pamwezi. Tikachulukitsa ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, sabata imodzi ndi K30,000.

Manijala uja anawerenga kuchokera pa 1 Juni 2023. Anapeza chaka chimodzi chathunthu, masabata awiri, K60,000. Koma kuchokera mu Febuluwale 2012 zaka zathunthu ndi 12. Zisanu zoyambirira zikupereka masabata 10, zisanu zotsatira masabata 15, ziwiri zomalizira masabata 8. Pamodzi ndi masabata 33, ndipo 33 kuchulukitsa ndi K30,000 ndi K990,000. Tsiku limodzi lolembedwa molakwika papepala linali pafupi kuwadyera K930,000. Muonenso kuti ndandandayi imalemera kumapeto. Munthu akamuyambitsa mwatsopano, samangotaya zaka zakumbuyo zokha, amamubwezanso pa masabata awiri pomwe anali atafika kale pa anayi. Ngakhale atagwira zaka zina zisanu kwa mwini watsopano, chaka chilichonse akulandira theka la zimene anayenera.

Funso limene azakhali ankaliopa kwambiri linali la siginecha yawo. Anasaina okha, palibe anawagwira dzanja. Koma kusamuka kwa kontirakiti ndi kuwerengedwa kwa zaka sizinachokere m'pangano la anthu awiri, zinachokera m'lamulo, ndipo zinali zitachitika kale pa 1 Juni pepala lija lisanabwere n'komwe. Azakhali sanasiye ntchito, sanachotsedwe, sanalandire sevaransi kwa eni akale. Panalibe chimene chinadula nthawi yawo. Pepala likanatha kusintha dzina la bwana, kapena kuwonjezera malipiro, koma silikanatha kunena kuti munthu amene anayamba ntchito mu 2012 anayamba mu 2023. Gawo 41 likunenanso kuti ntchito ya munthu imatengedwa kuti ndi yosadukiza kufikira wina atabweretsa umboni wotsutsa. Choncho mtolo wosonyeza pamene panaduka unali wa mwini resitihausi, osati wa azakhali.

Tinapita ku ofesi ya leba ya boma lathu mu Okutobala momwemo. Kufulumiraku kunali ndi chifukwa. Dandaulo loti sevaransi sinalipidwe liyenera kufika kwa mkulu wa leba wa pa boma pasanathe miyezi itatu kuchokera pamene ndalamayo inayenera kuperekedwa, ndipo nthawi ndi yomweyo kwa amene akudandaula kuti wachotsedwa mopanda chilungamo. Anthu ambiri amataya miyezi imeneyi akuyenda kwa bwana, iye n'kumati "mubwere sabata ya mawa", mpaka nthawi kutha. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti ayese kuziyanjanitsa. Zikakanika pakatha mwezi, nkhani ikhoza kupita ku bwalo la milandu ya zantchito, limene kwa ife a kuchigwa lapafupi lili ku Blantyre.

Mwini watsopano anabwera yekha, ndipo sanali munthu woipa mtima. Anatulutsa pangano lake ndi ana a mwini wakale, pomwe panalembedwa kuti za antchito zonse za m'mbuyo ndi za wogulitsa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti pepalalo likumuteteza.

"Bwana, ine ndinagula nyumba ndi katundu. Mayiwa ndawadziwa chaka chatha chomwechi, ndiye ndilipire bwanji zaka zimene sanandigwirire ine?"

Mkulu wa leba anamuyankha mofatsa kuti pangano limenelo ndi la iye ndi amene anamugulitsa, mayiwa sanalipo ndipo silingawalande chawo. Ngati akufuna, akhoza kuwalipira mayiwa kenako n'kukalondola ndalama yake kwa ogulitsa aja pogwiritsa ntchito pepala lomwelo. Koma kwa wantchito, woyankha ndi amene ali ndi bizinesi lero. Anagwirizana zolipira K930,000 yotsalayo m'magawo atatu, ndipo zinalembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mkuluyo. Azakhali analandira gawo lomaliza mu Januwale.

Chimene chinawapulumutsa si kulankhula kwanga ayi, ndi umboni. Kalata yawo yowalemba ntchito mu 2012 inaonongeka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, monga zinachitikira mapepala a anthu ambiri kuno. Mwamwayi mdzukulu wawo anali ataijambulapo pa foni. Panalinso mapeyisilipi angapo amene anapulumuka chifukwa anali m'chitini pamwamba pa kabati, ndi mauthenga a pa foni osonyeza malipiro amene ankabwera mwezi ndi mwezi kuchokera pa nambala ya mwini wakale. Kuno kumene madzi amalowa m'nyumba pafupifupi dzinja lililonse, pepala lokha si losungirapo moyo wa munthu. Jambulani kalata yanu yolembedwera ntchito, jambulani peyisilipi imodzi chaka chilichonse, mutumizirenso m'bale wanu wa kumtunda. Amene sanapatsidwepo kalata adziwe kuti bwana aliyense wokhala ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupereka chikalata chofotokoza za ntchitoyo pasanathe mwezi munthu atayamba, ndipo m'chikalatamo muyenera kukhala tsiku loyamba ntchito. Mukamva mphekesera zoti malo akugulitsidwa, imeneyo ndiyo nthawi yochipempha, mwini wakale akadalipo.

Tsopano ndifotokoze njira ina imene ndi yoopsa kuposa kontirakiti yatsopano, chifukwa ndiyo imene inagwera mlonda wa pamalo omwewo. Gawo 32 limateteza amene ali pa ntchito pa tsiku logulitsa. Ochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amaonetsetsa kuti tsikulo likamafika, papepala pasakhale wantchito aliyense. Sabata imodzi malo asanagulitsidwe, mmodzi mwa ana a mwini wakale anaitana bambo amenewa, amene analondera pamenepo kuyambira 2016. Anawauza kuti banja likufuna kuwathokoza ndi K100,000, koma kuti ndalamayo ituluke alembe kakalata kosonyeza kuti asiya ntchito mwa kufuna kwawo, ndipo asadandaule chifukwa wogulayo adzawalembanso. Kwa munthu wolandira K65,000 pamwezi, imeneyo inali ndalama yooneka. Analemba. Azakhali tsiku limenelo anali kumaliro ku Makhanga, n'chifukwa chake kakalata kotere sikanawapeze.

Wosiya ntchito yekha salandira sevaransi. Ndiye kakalata kaja kanachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kanamasula eni akale ku ngongole ya zaka 7, imene ikanakhala masabata 16, kapena kuti K240,000 pa malipiro awo a nthawi imeneyo. Kanapatsanso mwini watsopano chonena choti bambowa sanali pa ntchito pa tsiku logula. Pamene nawonso anachotsedwa mu 2024, nkhani yawo ku ofesi ya leba inali yolimba kuposa ya azakhali. Sikuti inalibe poimira. M'buku la alonda munali siginecha yawo usiku uliwonse wa sabata ija ankati anali atasiya ntchito, kusonyeza kuti kusiyako kunali kwa papepala chabe. Koma kuti zimenezi zitsimikizike pankafunika kupita ku bwalo ku Blantyre, kukwera minibasi kangapo ndi kudikira nthawi yaitali, ndipo bambo wa ana asanu amene alibe ntchito sangapirire zimenezo. Analandira kandalama kochepa kongogwirizana, nkhani n'kuthera pomwepo. Mpaka lero zimandiwawa.

Munthu akakupemphani kuti mulembe kalata yosiya ntchito pomwe inu simukufuna kusiya, dziwani kuti pali ndalama imene akufuna kuizemba. Ngati mwini wakale akufunadi kutseka mabuku ake ndi antchito asanagulitse, njira yake ilipo ndipo ndi yoyera. Alembe kuti akuwachotsa iyeyo chifukwa cha kusintha kwa bizinesi, apereke notisi, alipire masiku a tchuthi amene sanatengedwe, ndi sevaransi yonse monga mwa ndandanda. Kwa azakhali, mu Meyi 2023, zikanakhala zaka 11, masabata 29. Pa malipiro awo a nthawi imeneyo a K104,000 pamwezi, imene ndi K24,000 pa sabata, akanalandira K696,000 m'manja. Munthu wolipidwa chonchi akayamba mwatsopano kwa wogula, sanaberedwe. Komabe ine ndikafunsidwa ndimati kunyamulidwa kwa zaka kumaposa kulipidwa pakati panjira, chifukwa cha masabata anayi aja ndiponso chifukwa sevaransi imawerengedwa pa malipiro omaliza, amene nthawi zambiri amakhala okwera kuposa a lero. Pokhapokha ngati wogulayo akuoneka kuti sakhalitsa, pamenepo ndalama ya m'manja ili ndi nzeru yake.

Pali chinthu china chimene antchito ambiri safuna kumva, koma ndiyenera kuchinena. Ngati bizinesi yagulitsidwa ndipo inu mukupitiriza ntchito yanu pa malipiro omwewo, palibe sevaransi imene mungaitanitse pa tsiku logulitsalo. Ndaonapo antchito akukhala pansi pageti kuti sagwira ntchito mpaka mwini wakale awapatse "zawo". Mantha awo ndimawamvetsa, chifukwa amaona munthu amene amamudziwa akunyamuka ndi ndalama za malonda. Koma ntchito yawo sinathe, ndipo sevaransi imabwera ntchito ikatha. Chimene ayenera kulimbira pa tsiku limenelo ndi kalata ya mwini watsopano yovomereza tsiku lenileni limene aliyense anayamba ntchito, malipiro ake ndi masiku a tchuthi amene akusunga. Kalata ya mizere isanu yokha imakwana. Amene sakufuna kugwirira ntchito mwini watsopano ali ndi ufulu wopereka notisi n'kuchoka, koma adziwe kuti akuchoka ngati wosiya yekha.

Zimene zimasamuka si zokoma zokhazokha. Malipiro amene mwini wakale sanapereke, ovataimu, masiku a tchuthi, zonsezi zimakhala ngongole ya watsopano. Tchuthi ndi masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Ufulu wa tchuthi cha matenda, umene umayamba munthu akakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, suyambiranso pa ziro. Koma nayonso kalata ya chenjezo imene munalandira kwa bwana wakale imakutsatirani, ndipo ngongole imene munatenga ku ofesi muyenera kupitiriza kubweza. Lamulo likuti chimene anachita mwini wakale chimatengedwa ngati wachita watsopano, ndipo zimenezi zimadula mbali zonse.

Penshoni imayenda mwa njira yakeyake. Ndalama zake sizikhala m'thumba la bwana, zimakhala ku kampani yosunga penshoni m'dzina la wantchito. Bwana amaikako 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Bizinesi ikagulitsidwa, zimene zinafika kale kumeneko n'zotetezeka. Vuto limakhala pa zimene zinadulidwa pa peyisilipi koma sizinatumizidwe, ndipo eni mabizinesi amene akugulitsa chifukwa cha mavuto a ndalama kawirikawiri amakhala ndi miyezi yotere. Njira yodziwira ndi imodzi: pemphani sitetimenti yanu ku kampani ya penshoniyo muyerekeze ndi mapeyisilipi, mwezi ndi mwezi.

Mwini watsopano akhoza kusintha kayendetsedwe ka malo ake, ndipo akhozanso kuchepetsa antchito ngati bizinesi ikufunadi kutero, monga zinachitikira ndi khitchini ya azakhali. Chimene sangachite ndi kuchotsa munthu chabe chifukwa ndi "wa bwana wakale" kuti aikepo mphwake. Kuchotsa munthu kumafuna chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, luso lake kapena zosowa za bizinesi, ndipo wopereka chifukwacho ndi bwana. Sangadzukenso m'mawa n'kudula malipiro amene anawapeza popanda kugwirizana ndi mwini malipirowo. Apanso zaka zija zimagwira ntchito, chifukwa chipukuta misozi cha wochotsedwa mopanda chilungamo chimakwera ndi zaka zimene wagwira: poyambira pake ndi sabata imodzi pa chaka kwa amene sanapitirire zaka zisanu, kufika mwezi wathunthu pa chaka kwa amene wapitirira zaka 15.

Si kusintha kulikonse kumene kuli kugulitsa bizinesi. Akuluakulu a pa Nchalo amakumbukira masiku a SUCOMA ili m'manja mwa Lonrho. Mu 1997 kampani ya Illovo inagula mbali ya shuga ya Lonrho, kenako mu 2006 kampani ya ku Britain ya ABF inagula masheya opitirira theka a Illovo, n'kumaliza otsalawo mu 2016. Pa kusintha kwa mtundu umenewu chimene chimagulidwa ndi masheya. Kampani imene inalemba munthu ntchito imakhala yomweyo ngakhale eni ake asinthe kapena dzina lisinthe, choncho palibe kontirakiti imene ikufunika kusamuka. Gawo 32 limafunika kwambiri pa mabizinesi ngati resitihausi ija, pomwe bwana ndi munthu kapena banja, ndipo wobwera ndi munthu wina. Kumbali inayi, ngati munthu wagula nyumba yokha ya golosale imene inatsekedwa kalekale n'kutsegulamo malo ogulitsira mankhwala a ziweto, sanagule bizinesi, ndipo antchito akale ayenera kulondola mwini wakale. Pofuna kusiyanitsa, musayang'ane mutu wa pangano lawo, yang'anani zimene zikuchitika pamalopo. Kodi ntchito yake ndi yomweyo? Zipangizo ndi zomwezo? Makasitomala ndi omwewo? Panatsekedwa nthawi yaitali bwanji? Wogula resitihausi uja ankati anagula nyumba ndi katundu, koma anagulanso madalaivala amene ankaima pamenepo chifukwa cha dzanja la azakhali.

Chigwa chino chili ndi anthu ambiri ogwira ntchito za nyengo, odula nzimbe, ogwira m'misika ya thonje ndi m'mafakitale ochotsa njere. Nawonso lamulo silinawaiwale. Gawo 43 likuti munthu amene amalembedwa nyengo zotsatizana kwa bwana yemweyo, miyezi imene wagwiradi ntchito imaphatikizidwa n'kuwerengedwa ngati nthawi imodzi. Wogwira miyezi isanu ndi umodzi chaka chilichonse kwa nyengo 8 ali ndi zaka 4. Koma kwa iwowa tsiku logulitsa ndi lofunika kwambiri, chifukwa malo otere amakonda kugulitsidwa nyengo ikatha, antchito ali kumudzi. Asunge makadi awo a nyengo iliyonse, ndipo akaitanidwanso ndi mwini watsopano afunse tsiku loyamba lomwelo kuti nyengo zakale zalembedwa pati.

Ogula nawonso ndili nawo mawu, popeza ambiri mwa iwo ndi amene amandipatsa ntchito. Wogula munda amaugula ndi zulu zake. Musanapereke ndalama, pemphani ndandanda ya antchito onse yokhala ndi tsiku loyamba ntchito, malipiro, masiku a tchuthi ndi umboni woti penshoni inatumizidwa. Musakhutire ndi zimene wogulitsa walemba, khalani ndi wantchito aliyense mumufunse nokha, chifukwa m'mabizinesi a pabanja mabuku amanena zina, anthu n'kunena zina. Kenako werengerani kuti mukanati muwachotse onse lero mukanalipira zingati. Pa resitihausi ija, azakhali ndi mlonda okha anali ndi K936,000 pa tsiku logula, ndipo antchito analipo asanu ndi anayi. Ndalama imeneyo ichotsedwe pa mtengo wogulira, kapena mbali ya mtengowo isungidwe kaye mpaka za antchito zitalongosoka. Wogula uja akanachita zimenezi, K696,000 mwa K930,000 ija ikanachoka m'thumba la amene anadyerera thukuta la azakhali kwa zaka 11. M'malo mwake inachoka m'thumba lake, ndipo ana a mwini wakale anali atagawana kale ndalama n'kubalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni.

Palinso nthawi imene mwini bizinesi wamwalira malo asanagulitsidwe, zimene zimachitika kawirikawiri kuno. Ngati ntchito ya munthu inali yodalira mwiniyo payekha, lamulo limapereka mwezi umodzi kuchokera pa tsiku la imfa kuti kontirakiti ithe, pokhapokha zitakonzedwa mwina. Antchito amachita manyazi kufunsa za ntchito pamene banja lili pa chisoni, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino. Koma maliro akatha, mwezi usanakwane, atume mmodzi kapena awiri mwa akuluakulu awo kwa amene akuyang'anira chuma cha masiye, akamve ngati bizinesi ikupitirira ndiponso m'dzina la yani. Ngati ikupitirira, apemphe kalata ija ya tsiku loyamba ntchito. Ngati banja likukana kulemba, apite ku ofesi ya leba ku Chikwawa kapena ku Nsanje sabata yomweyo, atanyamula chiphaso chawo, umboni uliwonse wa malipiro ndi maina a anzawo awiri amene angachitire umboni za chaka chimene anayamba.